Mphindi ziwiri zoti ndidzifotokoze pa intavyu ya sikolashipi: thandizeni abale

NaTembo wa ku Ngabu: Moni makolo ndi abale nonse a pagulu pano. Ndine mwana wa akulu awo a Make Chisomo a ku Rosettenville, ndafika muno mu Joni sabata yatha. Ndinamaliza digiri ya za miyala ndi nthaka ku Chanco, ndipo ndinapempha sikolashipi yoti ndidzachite digiri yachiwiri ya za madzi a pansi pa nthaka ku Wits. Andiitana ku intavyu Lachinayi likubwerali. M'kalata alemba kuti poyamba adzandipatsa mphindi ziwiri kuti ndidzifotokoze, ndinene zolinga zanga ndi zomwe ndikufuna kukachita kwathu. Ndalemba kaye m'Chichewa chifukwa mutu umayenda bwino choncho, Chingerezi ndiika pambuyo. Nazi:

"Dzina langa ndine wakuti, ndimachokera m'boma la Chikwawa ku Malawi, limodzi mwa mayiko osauka kwambiri. Ndine wachinayi m'banja la ana 7. Bambo anamwalira ndili Sitandade 6, mayi anatilera ndi ulimi wa thonje ndi maganyu. Ndinkayenda mtunda wautali wopanda nsapato popita kusukulu, koma sindinataye mtima mpaka ndinakhoza MSCE pa CDSS ya kwathu ndi kusankhidwa kupita kuyunivesite. Cholinga changa ndi kuthetsa vuto la madzi m'Malawi, kulimbikitsa atsikana, komanso kutsegula bungwe lothandiza anthu akumudzi. Mukandipatsa mwayi umenewu sindidzakukhumudwitsani."

Chonde ndidzudzuleni, musandinyengerere.

Make Chisomo: Mwana wangayu wakhala akuyeserera kukhitchini usiku wonse mpaka Chisomo waziloweza. Ine ndikuona zili bwino, koma sukulu zimenezi sindinafikeko. Odziwa ayankhule.

Ankolo Phiri (Mayfair): Mwana iwe wayamba bwino, koma wafupikitsa pamene pali ndalama. Za imfa ya bambo wangodutsapo ngati ukuwoloka msewu. Anthu a mabungwewa amafuna amve chisoni. Unene kuti munkagona ndi njala, unene za nyumba yodontha, ngati misozi ikubwera isiye ibwere. Mwana wa mnzanga wina anapeza thandizo la fizi choncho.

Achimwene a Diepsloot: Kodi ntchitoyo ndi ya chani? Akufuna anthu angati? Ndili ndi mlamu wanga akusaka.

Make Chisomo: Si ntchito achimwene, ndi sukulu. Werengani kaye musanatumize mlamu.

Anabanda (Braamfontein): Achemwali a ku Ngabu, mwati tisakunyengerereni, ndiye sindikunyengererani. Ine ndinaphunzira ndi sikolashipi, ndipo kawiri konse ndakhalapo kumbali inayo ya tebulo, kufunsa nawo mafunso. Zomwe mwalembazi ndazimvapo kambirimbiri. Tsiku limodzi ofunsa amaona anthu mwina 8 kapena 10, ndipo pofika wachisanu amakhala atamva kale za nsapato, za bambo omwalira, za kulimbikitsa atsikana ndi za bungwe lomwe lidzatsegulidwe. Sindikunena kuti ndi zabodza. Ndi zoona, ndipo zinawawa. Koma chotsanipo mawu akuti Chikwawa muikepo Chipata kapena Masvingo, muona kuti palibe china chofunika kusintha. Ndiye madzulo akamakambirana kuti tisankhe ndani, adzakukumbukirani ndi chiyani?

Ankolo, mwanena zoona pang'ono. Pali thandizo lina, monga la fizi ya kusekondale, lomwe amayang'ana kuvutika kwa mwana basi. Koma sikolashipi ya digiri yachiwiri ndi ina. Za kuvutika anaziwerenga kale m'mafomu, n'chifukwa chake mwina amuitana. Pa intavyu amafuna aone ngati munthuyu angamalize maphunzirowo, ndiponso ngati zomwe akuti akachita kwawo zili ndi mutu ndi mchira.

Ndikufunseni achemwali. Mwati vuto la madzi. Kwanu kwenikweniko vutolo ndi lotani? Musandiuze za Malawi yense. Ndiuzeni za pomwe mayi anu amatunga.

NaTembo wa ku Ngabu: Zikomo anti, ngakhale zandilasa. Kwathu mijigo ilipo ndithu. Vuto ndi mchere. Mjigo womwe uli pafupi ndi nyumba yathu, madzi ake ukaphikira nyemba sizipsa msanga, sopo sachita thovu, tiyi amamveka ngati wathiramo mchere m'malo mwa shuga. Ndowa ikauma pamatsala zoyera m'mbali. Ndiye amayi amaudutsa n'kupita ku wina wa kusukulu ya pulayimale, ulendo wa mphindi ngati 40 kupita kokha. Umenewo ukawonongeka anthu amakafukula mchenga mumtsinje, ndipo a kufupi ndi Shire amatunga mu Shire momwemo, ng'ona zili pomwepo. Chodabwitsa n'chakuti mijigo iwiriyi sinatalikirane kwenikweni, koma wina wokoma wina wamchere.

Anabanda (Braamfontein): Mwaona? Zimenezi ndawerenga osaphethira. Nyemba zosapsa ndi zoyera za m'ndowa palibe wina adzabwere nazo tsiku limenelo. Bwanji simunazilembe?

NaTembo wa ku Ngabu: Ndimaona ngati ndi nkhani za kumudzi, zosayenera pamaso pa madokotala ndi mapulofesa.

Anabanda (Braamfontein): Akuitanirani zomwezo. Funso lachiwiri: inuyo mwachitapo kale chiyani pa nkhaniyi? Ngakhale chaching'ono.

NaTembo wa ku Ngabu: Palibe chachikulu. Kungoti pa pulojekiti ya chaka chomaliza tinayendera mijigo 14 ya m'dera la a Gulupu athu. Tinabwereka kachipangizo koyezera kuchuluka kwa mchere m'madzi, kaja koviika mu kapu. Tinapeza kuti 6 madzi ake anali abwino, 5 amchere moti anthu amangochapira ndi kumwetsa mbuzi, ndipo 3 inali yakufa. Tinajambula mapu pa pepala lalikulu n'kukapereka kwa a Gulupu ndi a VDC. Tinathandizanso komiti ya mjigo wa kusukulu kuyamba kulemba ndalama m'kope.

Anabanda (Braamfontein): "Tinayendera", "tinabwereka", "tinajambula". Munali ndi ndani?

NaTembo wa ku Ngabu: Ndinali ndekha anti. Mchimwene wanga wamng'ono ndiye ankandipalasa pa njinga.

Anabanda (Braamfontein): Apa mpamene timagwera ambiri a ife. Tinaleredwa kuti "ine" ndi mawu a munthu wodzikweza, ndiye timabisala mu "ife". Kwathu ndi ulemu. Koma wofunsa uja akamva "tinayendera" m'Chingerezi amaona gulu la ophunzira 20 ndi mphunzitsi patsogolo, inu muli kumbuyo mwanyamula chikwama. Nenani kuti "ndinayendera mijigo 14 pa njinga". Si kudzitama, ndi mmene zinachitikira. "Ife" musungireni pomwe panalidi anthu ena, monga za kope la komiti zija.

Ankolo Phiri (Mayfair): Koma Anabanda, mwana wamkazi kumangoti ine, ine pamaso pa akuluakulu, sizioneka mwano? Ifetu mabwana athu kuno amatikonda Amalawi chifukwa cha kudzichepetsa.

Anabanda (Braamfontein): Ankolo, kudzichepetsa kumatipezetsa ntchito ya pakhomo, inde. Koma apa sakusaka womutuma. Ulemu aupereka ndithu: afike nthawi yabwino, apereke moni, asadule munthu mawu. Chomwe asachite ndi kuyang'ana pansi ndi kuyankhulira kukhosi. Awayang'ane kumaso, ndipo osati yekhayo amene wafunsa, onse.

Bambo a Dalitso (Randburg): Pepani ndilowererepo, nkhani ya mijigo yandidzutsa. Ndisanabwere kuno kudzagwira za m'maluwa ndinali mekaniki wa mijigo kwathu ku Balaka zaka 6. Achemwali, mijigo itatu yakufayo mwangoti yakufa. Inafa ndi chani? Chifukwa mjigo sumangofa. Ya kwathu yambiri ndi ija ya Afridev, ndipo chomwe chimatha msanga ndi timarabala ta m'kati ndi mabushi a pa chogwirira, zinthu zotchipa zofunika kusintha pafupifupi chaka chilichonse. Mukaona chogwirira chikugwedera uku ndi uku, mabushi atha. Mukaona m'mawa mpaka mupope kambirimbiri madzi asanatuluke, valavu ya pansi ikudontha, madzi amabwerera usiku. Mukapopa chogwirira chikupepuka koma madzi akutuluka pang'ono, karabala kokoka madzi kadyeka. Zikasiyidwa ndiye ndodo zimayamba kukhula mapaipi mpaka kubooka, apo ndalama yake ndi ina. Wina akakufunsani, musadzangoti "inawonongeka".

NaTembo wa ku Ngabu: Bambo, zikomo. Umodzi ndodo zinaduka n'kugwera pansi. Wina umauma ikafika Okutobala, ndikuganiza sanakumbe mozama. Wachitatu ndi umene umandiwawa: unali wamchere, ndiye anthu anakana kusonkha. Amati tisonkherenji madzi omwe sitimwa? Unangowonongeka pang'ono n'kusiyidwa, pano ana amaseweretsa chogwirira.

Bambo a Dalitso (Randburg): Ndi zomwezo. Mjigo wamchere ulibe mwini. Ndipo wokoma uja umatha msanga chifukwa midzi yonse yozungulira imathera pamenepo. Pophunzitsidwa ankatiuza kuti mjigo umodzi ndi wa anthu 250, koma pitani mukaone mzere wa ndowa m'chilimwe.

Anabanda (Braamfontein): Achemwali, zomwe mwakambirana ndi Bambo a Dalitsozi ndiye mtima wa nkhani yanu. Ndalama zokumbira zinapita, mjigo ulipo, pa lipoti mudziwo uli ndi madzi, koma amayi akuudutsa. Tsopano funso lovuta, ndipo adzakufunsani ndithu: digiri yachiwiri ikukhudzana bwanji ndi zimenezi? Mapu munajambula kale ndi digiri yoyamba. Bwanji osangobwerera kwanu n'kukapitiriza? Chomwe simungathe lero, chomwe mudzathe mukamaliza ku Wits, ndi chiyani?

NaTembo wa ku Ngabu: Lero ndimatha kuyeza madzi a mjigo womwe wakumbidwa kale. Ndiye kuti ndimafika maliro atachitika. Chomwe sinditha ndi kunena asanakumbe kuti apa mupeza okoma, apa amchere, kapena kuti mulekeze pa kuya kwakuti chifukwa pansi pake pali amchere. Pali njira yoyezera nthaka ndi magetsi: amakhoma zitsulo pansi motsatana, n'kuona mmene magetsi akudutsira. Madzi amchere amadutsitsa magetsi mosavuta kuposa okoma. Vuto ndi loti dongo nalo limadutsitsa mosavuta, ndipo kwathu kuchigwa dongo ndi lambiri, ndiye wosadziwa akhoza kusokoneza ziwirizi. Pamafunika kuphatikiza ndi zolemba za okumba, zonena kuti pa mamita akuti anapeza mchenga, pa akuti dongo, komanso kuyeza madziwo mu labu kuti udziwe mcherewo ukuchokera kuti. Ku Chanco tinangozilawa, chipangizocho ndinachigwirapo kamodzi kokha.

Anabanda (Braamfontein): Basi. Mukadzayankha chonchi, pulofesa amene ali pamenepo adzaweramira kutsogolo. "Ndimafika maliro atachitika" muyese kuipezera Chingerezi chake, ikakana musaikakamize, nenani mwachindunji kuti mumayeza ndalama zitapita kale.

Tsopano za mapulani. "Kuthetsa vuto la madzi m'Malawi" chotsani. Boma, mabungwe ndi mipingo akhala akulimbana nalo inu musanabadwe, ndiye mukanena choncho mumaoneka ngati simukudziwa kukula kwake. "Kutsegula bungwe" nakonso ndikadachotsa, chifukwa funso lotsatira ndi lakuti ndalama zake mudzazitenga kuti, ndipo yankho mulibe. Pulani yabwino ndi yomwe munthu angabwere patapita zaka zitatu n'kuona ndi maso kuti yachitika kapena ayi. Inene malo, inene chomwe mudzapange, inene amene adzachigwiritse ntchito. Kwa inu ndikuona chonchi: kafukufuku wanu achitikire kwanu komweko, mapu a mijigo 14 aja akule akwane dera la mfumu yaikulu yonse, ndipo akathera ku ofesi ya zamadzi ya boma la Chikwawa ndi ku ADC, kumene amagwirizana za malo okumba. Kodi ku ofesi ya zamadziyo munafikako?

NaTembo wa ku Ngabu: Ndinafikako kamodzi kukapempha zolemba za okumba. Anandilandira bwino, anandipatsa zomwe anali nazo, ndipo bambo wina anandipatsa nambala yake.

Anabanda (Braamfontein): Aimbireni mawa. Afunseni funso limodzi: mapu otere atakhalapo, angawathandize pati, ndipo angafune aoneke bwanji? Mukatero Lachinayi mudzatha kunena kuti "ndayankhula nawo sabata ino". Koma musawaikire mawu m'kamwa. Akati alibe nazo ntchito, bwerani tidzaganizenso.

Mtsikana wa UJ: Asisi, ine ndinalephera intavyu ngati yomweyi chaka chatha, ndiye mverani za wogwa. Ndinaloweza mawu onse ngati ndakatulo. Nditafika pakati, mayi wina anatsokomola n'kupempha madzi, ine mutu unangoti zii. Ndinayambiranso poyambirira, mawu omwewo, kamvekedwe komweko, ndipo ndinaona wina akumwetulira. Musaloweze ziganizo. Lowezani chiganizo choyamba ndi chomaliza basi, pakatipo mungodziwa masitepe. Chinanso, mphindi ziwiri ndi zochepa kuposa mmene mukuganizira. M'Chingerezi ndi mawu ngati 250, mwina kuchepera chifukwa mantha amadya mpweya. Dzijambuleni pa foni muone nthawi.

Achimwene a Diepsloot: Tsopano ndamva. Koma funso langa ndi la mapepala. Mwalowa ndi masiku 30 aja eti? Akakupatsani sukuluyo musatuluke, mungokhala konkuno mpaka Febuluwale, transipoti yadula.

Anabanda (Braamfontein): Ayi achimwene, musamusokoneze mwana. Walowa ngati mlendo, atuluke masiku ake asanathe. Chilolezo cha sukulu akapemphere kwathu ali ndi kalata ya yunivesite m'manja. Kupyola masiku kungamutsekere chitseko chomwe akugogodachi. Achemwali, za SAQA, bungwe lounika masatifiketi a kunja lija, munapanga?

NaTembo wa ku Ngabu: Eya anti, satifiketi yawo ndili nayo, ndinatumiza limodzi ndi mafomu a ku Wits. Tikiti yobwerera ndinagula kale, ndikwera pa Park Station Lolemba lotsatira.

Ankolo Phiri (Mayfair): Ine ndibwererenso pa za bambo ake. Mukuti achotse zonse? Munthu anavutika, mayi ake anagwira maganyu, ndiye afike apo azingokamba za mchere ngati wabadwira ku Area 10? Akapanda kunena, amene anakulira m'tauni amudya.

Make Chisomo: Apa ndiye ndili mbali ya ankolo. Akulu anga anagulitsa mbuzi zonse mwanayu ali Folomu 3. Zimenezo zisasowe ngati sizinachitike.

Anabanda (Braamfontein): Sindinati achotse zonse. Ndati zisadye mphindi yonse yoyamba. Chiganizo chimodzi kapena ziwiri, zonenedwa mutu uli m'mwamba, zimalemera kuposa ndime yonse. Ndipo asankhe chomwe chikulumikizana ndi nkhani yake. Za nsapato sizipita kulikonse. Za mayi amene akudutsa mjigo wamchere ndi ndowa pamutu zikumutengera komwe akupita. Za mbuzi azisunge, pali funso lomwe limabwera kawirikawiri lakuti tiuzeni nthawi yomwe munakumana ndi chovuta, pamenepo ndiye pake.

Make Chisomo: Nanga likapanda kubwera funsolo?

Anabanda (Braamfontein): Likapanda kubwera ndiye kuti sizinanenedwe, amayi. Pamenepo sindingakutsimikizireni kanthu. Ena ofunsa amakhudzidwa ndi zotere, ena amatopa nazo, ndipo sitidziwa adzakhalepo ndani. Mwini wake asankhe.

NaTembo wa ku Ngabu: Ndalembanso. Ndaimbiranso bambo a ku ofesi ya zamadzi aja m'mawa uno. Onani:

"Dzina langa ndine wakuti, ndimachokera kufupi ndi Ngabu m'chigwa cha Shire, kummwera kwa Malawi. Pafupi ndi nyumba yathu pali mjigo, koma mayi anga amaudutsa tsiku lililonse n'kuyenda mphindi 40 kukatunga kwina, chifukwa madzi ake ndi amchere moti nyemba sizipsa. Mayiwa anandilera okha kuyambira ndili Sitandade 6, ndipo anagulitsa mbuzi zawo kuti ndimalize sekondale. Ndine woyamba m'banja mwathu kufika kuyunivesite.

Pa digiri yanga ndinafuna kudziwa ngati vutoli ndi lathu lokha. Ndinayendera mijigo 14 pa njinga ndi kuyeza madzi ake. Ndinapeza kuti 6 yokha ndi yomwe anthu amamwa. Isanu ndi yamchere, itatu ndi yakufa, ndipo umodzi mwa yakufayo unasiyidwa chifukwa palibe amene amafuna kusonkhera madzi osamweka. Ndinajambula mapu n'kupereka kwa mfumu ndi komiti ya chitukuko.

Pamenepo mpamene nzeru zanga zinathera. Ndimatha kuyeza mjigo ukakumbidwa, ndalama zitapita kale. Ndikufuna kuphunzira kuyeza nthaka asanakumbe, ndi kusiyanitsa dongo ndi madzi amchere. Kafukufuku wanga ndikufuna achitikire kwathu komweko, kuti pomaliza pakhale mapu a dera la mfumu yathu yaikulu osonyeza pomwe pangapezeke madzi okoma. Sabata ino ndayankhula ndi a ku ofesi ya zamadzi ya boma lathu, ndipo andiuza kuti mapuwo angawathandize ngati atasonyezanso kuya koyenera kukumba. Chimenecho ndicho ndikufuna kubwerera nacho."

Ndayesa m'Chingerezi, yatenga mphindi 2 ndi masekondi 10. Mbuzi ndaziikamo anti, pepani. Ndayesa kuzichotsa koma pakamwa pakukana.

Make Chisomo: Ndalira ine.

Anabanda (Braamfontein): Mbuzi zikhale, mwaziika mwaulemu ndipo ndi zanu. Masekondi 10 apezeni pochotsa chiganizo cha "woyamba m'banja mwathu", chili kale m'mafomu. Za kuya koyenera kukumba zija ndi golide, chifukwa zikuonetsa kuti munafunsa ndipo munamva. Koma mwachotsa atsikana onse, mwaona? Sindikudandaula, kungoti mukonzeke, wina akhoza kufunsa za utsogoleri. Kope la komiti lija mulisunge pafupi.

Tsopano konzekerani ili: "Anzanu ambiri akamaliza sabwerera. Inu abale muli nawo kale muno mu Johannesburg. Tikhulupirire bwanji kuti mudzabwerera?"

Ankolo Phiri (Mayfair): Hahaha, limenelo ndiye atifunse ife. Ine ndinabwera kudzasaka ndalama ya malata 30 mu 2009.

NaTembo wa ku Ngabu: Ndinganene kuti ndimakonda dziko langa?

Anabanda (Braamfontein): Ankolo nawonso amalikonda. Kulumbira sikuthandiza, aliyense amalumbira. Onetsani zingwe zomwe zikukumangani: kafukufukuyo sangachitike muli ku Braamfontein komwe kuli Wits, miyezi ina mudzakhala kumudzi ndi zitsulo zanu. Nenaninso komwe mungakagwire ntchito, mwachitsanzo ku unduna woona za madzi, ku mabungwe okumba mijigo, kapena kuphunzitsa kuyunivesite. Ndipo vomerani poyera kuti ntchito kwathu ndi yosowa. Amene amati zonse zidzayenda bwino ndi amene sitimukhulupirira. Ine ndemwe ndinalonjeza kubwerera, ndinabwereradi zaka zinayi, kenako ndinapezekanso kuno. Ndiye funsoli sindilifunsa modzitama.

Bambo a Dalitso (Randburg): Langa ndi ili, mwina sadzafunsa koma kumudzi mudzalipeza. Mapu anu akadzati madzi okoma ali kumunda kwa munthu wamba, pomwe a mfumu kapena a khansala akufuna mjigo pakhomo pawo, mudzatani? Ine ndinaonapo galimoto yokumba ikusunthidwa ndi chala cha munthu mmodzi.

NaTembo wa ku Ngabu: Limenelo ndilibe yankho lake bambo. Ndikhoza kungoti mapu akakhala m'manja mwa anthu ambiri, a VDC, a komiti, amayi otunga, kumakhala kovutirapo kuwabisa. Koma kuti zingaletse chala chija, kaya.

Anabanda (Braamfontein): Akafunsa mudzayankhe choncho, ndi "kaya" yemweyo.

Mtsikana wa UJ: Asisi, Lachitatu madzulo ndilibe kalasi. Bwerani tidzayeserere, ine ndikhala mayi wotsokomola uja. Ndipo Lachinayi nyamukani msanga, mzere wa matekisi m'tauni m'mawa si wamasewera.

NaTembo wa ku Ngabu: Abale, ndatuluka. Anali anthu anayi, amayi awiri ndi abambo awiri, zonse zatenga mphindi ngati 35. Mawu oyamba anayenda, kungoti pa mbuzi mawu ananjenjemera pang'ono, ndinapuma n'kupitiriza. Nditangomaliza bambo wina wachikulire anafunsa kuti nyemba zimatenga nthawi yaitali bwanji, onse anaseka, mantha anathera pomwepo. La dongo linabwera, ndinayankha. La kubwerera linabwera ndendende mmene munanenera anti. La a mfumu silinabwere.

Koma pali lina lomwe sitinaliganize. Mayi wina anati: "Mapu anu akadzaonetsa kuti midzi ina ilibiretu madzi okoma pansi pake, anthu amenewo mudzawauza chiyani?" Ndinakhala chete kanthawi. Ndinati ndidzawauza zoona, kuti ndalama zisatayikenso pa mjigo wina, ndipo mwina pamenepo njira ndi kukoka madzi ndi mapaipi kuchokera pomwe pali okoma, kapena kukolola a mvula, koma mtengo wa zimenezo sindinauwerengere. Analemba kenakake, nkhope yake sindinathe kuiwerenga. Ati zotsatira atiuza mwezi wamawa pa imelo.

Ankolo Phiri (Mayfair): Ukanangoti udzawakokera mapaipi basi. Za "sindinawerengere" wanenera chani?

Anabanda (Braamfontein): Ine ndikanalemba zabwino pa yankho limenelo. Koma mayiyo si ine, ankolo akhoza kukhala olondola. Tidikire imelo.

Bambo a Dalitso (Randburg): Achemwali, musananyamuke Lolemba tionane pa Park Station. Ndili ndi sipanala ya mjigo ndi kambedza kokokera valavu, ndinabwera nazo kuno mosadziwa ndipo zangokhala m'chikwama. Mukapatse a komiti ya kusukulu ija. Uja ndodo zinagwera pansi musamuyese nokha, mukapeze mekaniki wa m'dera.

NaTembo wa ku Ngabu: Zikomo bambo. Basi ikunyamuka m'mawa, ndidzakhala pamenepo kuyambira 7 koloko ndi mayi aang'ono. Ndidzavala chitenje chobiriwira kuti musavutike kundipeza.